Kalembedwe ka kalata yosiyirana piketi: ma alamu otsala ndi makina ofooka

Amene akulandira foni ya piketi, ntchito yodikirira ma alamu a makina usana ndi usiku, Lachisanu madzulo ali ndi zinthu ziwiri zokha zomuthandiza: sikirini yoonetsa ma alamu ndi kalata imene mwamusiyira. Sikirini imaonetsa zimene zikulira pa nthawiyo. Sionetsa alamu imene munaitseka pakamwa Lachitatu usiku, sinena tsiku limene disiki idzadze, ndiponso sidziwa kuti makina ena akuyenda ndi lamulo limene munalemba pamanja, limene lidzafufutike magetsi akangothima. Zimenezi zili m'mutu mwanu mokha, ndipo kalatayo ndi njira yozisamutsira kwa mnzanu musanazimitse foni n'kukagona.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi, ndipo manambala ake ndi ongophunzirirapo. Bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama lili ndi chipinda cha maseva mumzinda wa Tete, ndi nthambi ku Moatize, ku Zobwe ndi ku Ulongwe. Detabesi yake ndi PostgreSQL. Seva yaikulu, `db-tete1`, ili ku Tete, ndipo yachiwiri, `db-ulongwe`, imakopera zonse zimene yaikuluyo yalemba. Ndi kumapeto kwa Novembala, kuchigwa cha Zambezi kutentha kukupitirira madigiri 40, pamene kumtunda ku Angonia mvula yoyamba yabwera ndi ziphaliwali. Mukusiyirana piketi Lachisanu 16:00.

Yambani kulemba tsiku limene mwalandira foni

Kalata yolembedwa mphindi khumi zomaliza imakhala ndi zimene mukukumbukira, ndipo munthu wosagona amakumbukira zimene zinamudzutsa usiku, osati zimene zikukula mwakachetechete. Tsegulani fayilo imodzi tsiku loyamba, ndipo nthawi iliyonse mukakhudza makina lembani mzere umodzi: nthawi, dzina la makina, zimene mwaona, zimene mwachita. Pa nthawi nenani kuti ndi iti. Maseva ambiri amalemba nthawi ya `UTC`, pamene ife ku Tete tili patsogolo ndi maola awiri, choncho `02:00 UTC` ndi 04:00 ya kwathu. M'kalata gwiritsani nthawi ya kwathu paliponse, ndipo munene zimenezi pamwamba.

Ola lomaliza, funsani makina

Musakhulupirire zimene munaona m'mawa. Ola limodzi musanasiye, onani ma alamu amene akulira, amene mwawatseka, ndi nthawi imene kutsekako kudzathe. Ngati mumagwiritsa Alertmanager, pulogalamu yotumiza ma alamu, malamulo ake ndi awa:

```
amtool alert query
amtool alert query --silenced
amtool silence query
```

Lamulo lachiwiri ndi lachitatu ndi amene anthu ambiri amalumpha. Alamu yotsekedwa siinathe, yangoletsedwa kuimba foni. M'chitsanzo chathu, Lachiwiri cha m'ma 16:00 chiphaliwali chinaononga chipangizo cha wayilesi cholumikiza nthambi ya Ulongwe. Alamu ya `LinkDown` inkalira mobwerezabwereza, ndiye inatsekedwa pamodzi ndi ya `ReplicaDown`, ndipo m'pomveka kutero. Koma pa `amtool silence query`, pansi pa `Ends At`, pakuoneka kuti kutsekako kutha Loweruka `02:00 UTC`. Mukapanda kulemba zimenezi, mnzanu adzadzuka 04:00 ndi ma alamu awiri ofiira, n'kuyamba kufufuza vuto la masiku anayi ngati langochitika kumene.

Pano sankhani chimodzi. Mutha kuonjezera nthawi ya kutsekako kuti idzathe masana, mnzanu ali maso, kapena kukusiya n'kulemba nthawi yake. Ine ndimakonda kuti kuthe 10:00 m'mawa wa tsiku limene okonza analonjeza kumaliza, chifukwa alamuyo ikalira imakhala chikumbutso choti muwafunse. Chimene simuyenera kuchita ndi kutseka kwa mwezi wathunthu kuti sikirini ioneke yobiriwira.

Sanjani potengera nthawi imene chinthu chidzaonongeke

Mtundu wa alamu usakunamizeni. Yofiira ikhoza kukhala yodziwika kale ndi yosafuna kuchitapo kanthu, pamene chinthu choopsa kwambiri sichinayambe n'kulira komwe. Pa chinthu chilichonse dzifunseni kuti: ngati palibe amene achikhudze, chidzaonongeka liti, ndipo adzavutike ndani? Chimene chili pafupi kuonongeka chikhale pamwamba pa kalata.

Tiyeni tione bwino disiki ya `db-tete1`, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. PostgreSQL imayamba yalemba kusintha kulikonse m'mafayilo a mu `pg_wal`, fayilo iliyonse ya mamegabaiti 16, ndipo seva yachiwiri imalandira mafayilo amenewa. Ngati munapanga malo osungira seva yachiwiri, amene amaoneka mu `pg_replication_slots`, seva yaikulu siifufuta fayilo imene yachiwiriyo sinalandire. Imasunga n'kumadikira. Kuyambira pa PostgreSQL 13 pali `max_slot_wal_keep_size` yoikira malire, koma imabwera ili pa `-1`, kutanthauza kuti palibe malire. Ndiye kuyambira pamene Ulongwe inaduka, mafayilo akhala akuunjikana. Muone motere:

```
df -h /var/lib/postgresql
du -sh /var/lib/postgresql/*/main/pg_wal
```

```
SELECT slot_name, active,
  pg_size_pretty(pg_wal_lsn_diff(pg_current_wal_lsn(), restart_lsn))
FROM pg_replication_slots;
```

Tinene kuti disiki ndi ya magigabaiti 200. Detabesi yatenga 120, `pg_wal` yafika 36, ndipo `df` ikuonetsa `78%` ndi `44G` yotsala. Pa `active` pali `f`, kusonyeza kuti seva ya ku Ulongwe sikulandira kanthu. Alamu ya disiki imalira pa 85 peresenti, choncho sikirini ili chete.

Kulemba kuti "disiki ili pa 78 peresenti" sikumuthandiza mnzanu, chifukwa 78 imene yaima ndi 78 imene ikukwera ndi zinthu zosiyana. Mumupatse liwiro. Kuchokera Lachiwiri 16:00 kufika Lachisanu 16:00 ndi maola 72, ndipo m'maola amenewa mwaunjikana magigabaiti 36, ndiye kuti theka la gigabaiti pa ola. Magigabaiti 44 otsalawo atha m'maola 88, Lachiwiri 08:00. Koma ndi kumapeto kwa mwezi, malipiro akulowa ndipo anthu akubweza ngongole kudzera pa foni Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Mukayang'ana ma girafu a kumapeto kwa mwezi watha n'kupeza kuti liwiro linawirikiza kawiri, maola 88 aja asanduka 44, ndipo disiki idzadza Lamlungu 12:00. Lembani nthawi zonse ziwiri, ndipo mnzanu akonzekere yoyandikirayo. Disiki ya `pg_wal` ikadzaza, PostgreSQL imazima, ndipo nthambi zonse zimaima, osati Ulongwe yokha.

Kenako lembani choletsa, m'mawu osazungulira. Munthu wotopa akaona disiki pa 95 peresenti ndi mafayilo oposa zikwi zinayi ofanana maina mu `pg_wal`, dzanja limathamangira ku `rm`. Mafayilo amenewa si malogi wamba. Kuwafufuta pamanja kungachititse kuti detabesi ikane kudzuka kapena itaye zimene anthu anasungitsa. Njira yoyenera ndi kuchotsa malo osungira aja, PostgreSQL n'kufufuta yokha:

```
SELECT pg_drop_replication_slot('ulongwe');
CHECKPOINT;
```

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ulembedwe pomwepo. Mukachotsa, mafayilo amene seva ya ku Ulongwe imadikira apita, ndipo ngati simuwasunga kwina, sevayo iyenera kumangidwanso ndi `pg_basebackup`. Pa mzere wa mamegabiti 10 pa sekondi mumadutsa magigabaiti pafupifupi 4.5 pa ola, ndiye magigabaiti 120 afuna maola pafupifupi 27, mzerewo uli wopanda ntchito ina. Apo ayi, munthu anyamule disiki ulendo wa makilomita oposa 200 kukwera ku Ulongwe. Chisankho chotere si cha munthu mmodzi pakati pa usiku. Musanasiye piketi, imbirani mkulu wa gulu lanu, mugwirizane malire, mwachitsanzo 90 peresenti, ndipo mulembe kuti wavomereza ndani ndiponso nthawi yanji. Mukatero mnzanu sadzataya ola akusaka chilolezo disiki ikudzaza.

Muonjezere zimene adzaone zinthu zikayenda bwino, chifukwa nazonso zimasokoneza. Mzere ukabwerera, `active` isintha kukhala `t`, koma disiki siitsika nthawi yomweyo. Magigabaiti 36 kapena kuposerapo afuna maola osachepera 9 kuti adutse, popeza atsopano akulembedwabe. Chizindikiro choti zikuyenda ndi nambala ya mu funso lija kutsika ola ndi ola.

Makina ofooka amene alibe alamu

Gawo ili ndi la zinthu zimene zikugwira ntchito lero koma zangochirikizidwa. Poyamba lembani chilichonse chimene munasintha pamanja. Nthambi ya Ulongwe ikugwirabe ntchito chifukwa Lachiwiri munalumikiza modemu ya foni n'kulemba njira yatsopano ndi `ip route add` pa makina otulukira kunja. Lamulo limeneli silisungidwa pa disiki. Makinawo akazima n'kuyakanso, njirayo yapita, ndipo nthambi idzaduka ngakhale modemu ikuyaka bwinobwino. Nyengo ya ziphaliwali magetsi amathima kawirikawiri, ndiye zimenezi zidzachitika ndithu. Kopani lamulo lonselo mmene munalilembera, muliike m'kalata. Lembaninso tsiku limene bandulo ya modemu ithe, zimene zatsalamo, amene ali ndi ndalama zogulira ina, ndi chifukwa chimene simunadutsitse detabesi pa modemu: magigabaiti 12 pa tsiku angamalize bandulo imene nthambi ikudalira.

Chachiwiri ndi kutentha. Ngati mwa makina awiri oziziritsa chipinda cha maseva amodzi afa, palibe chimene chingalire mpaka otsalawo atafanso. Ku Tete mu Novembala, chipinda chotsekedwa chopanda choziziritsa chimatentha m'mphindi zochepa. Nenani kuti panopa chipinda chikufika madigiri angati masana, pa madigiri angati ayambe kuzimitsa maseva, ndipo ayambe ndi ati. Kutentha kumadyanso mabatire ochirikiza maseva magetsi akathima: a mtovu amakhala theka la moyo wawo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25. Choncho nambala imene `upsc`, lamulo loonera mabatirewo, ikuonetsa pa `battery.runtime`, imene ili m'masekondi, musaikhulupirire kwambiri ngati mabatire ndi akale. Lembani mphindi zimene anakhaladi tsiku limene magetsi anathima komaliza. Ngati jenereta ikufuna kuliza pamanja, nenani amene ali ndi kiyi, ndi dizilo amene watsala m'malita, osati "alipo wokwanira".

Pali chinthu china chimene chimaiwalika. Pamene seva ya ku Ulongwe yatsalira masiku atatu, detabesi ya lero ili pamalo amodzi basi. Onani kuti bakapu ya usiku wapitawu inathadi, kukula kwake n'kofanana ndi kwa masiku ena, ndipo inapita pa makina ena. Mulembe nthawi imene inatha.

Lembani kalatayo

Ikhale yowerengeka pa foni, ndi munthu amene wangodzuka. Lembani m'chinenero chimene wolandirayo amawerenga mosavutika, kaya Chichewa kaya Chipwitikizi, koma maina a ma alamu, a maseva ndi malamulo akhale mmene amaonekera pa sikirini kuti athe kuwakopa. Siyanitsani zimene mwaona ndi zimene mukuganiza. Mawu achinsinsi olowera m'makina asalowe m'kalata, ingonenani kumene asungidwa. Ya chitsanzo chathu ingaoneke chonchi:

> Achimwene, piketi ndi yanu kuyambira Lachisanu 16:00. Nthawi zonse m'kalatamu ndi za kuno ku Tete. Ndayang'ana makina komaliza 15:20.
>
> Choyamba, disiki ya `db-tete1`. Alamu siinalire koma ilira, mwina Loweruka pakati pa 06:00 ndi 20:00, ikafika 85 peresenti. Panopa ili pa 78, yatsala `44G`, ikukwera theka la gigabaiti pa ola chifukwa `db-ulongwe` sikulandira kuyambira Lachiwiri 16:00. Pa liwiro ili idzadza Lachiwiri 08:00, koma malipiro akachuluka ikhoza kudzadza Lamlungu 12:00. Muziyang'ana `df -h` m'mawa, masana ndi musanagone. Musafufute kanthu mu `pg_wal`. Ikafika 90 peresenti mzere usanabwerere, chotsani malo a `ulongwe` ndi malamulo awiri ali m'munsimu. Abwana a gulu lathu avomereza lero 14:40, ndipo akudziwa kuti tidzamanganso seva ya ku Ulongwe. Mukachotsa muwatumizire uthenga.
>
> Chachiwiri, `LinkDown` ndi `ReplicaDown` za Ulongwe ndazitseka mpaka Loweruka 10:00. Okonza mzere akuti chipangizo chafika ndipo akwera Loweruka ngati mvula ilola. Nambala ya tikiti ndi foni yawo zili m'munsimu. Ndikuganiza kuti chinapsa ndi chipangizo cha pamlongoti chokha, koma sindinakaone ndi maso.
>
> Chachitatu, nthambi ya Ulongwe ili pa modemu. Akakuimbirani kuti aduka magetsi atabwerera, lembaninso lamulo la `ip route` lili m'munsimu. Kuti mulowe, imbirani woyang'anira nthambi alumikize laputopu yake. Bandulo itha Lachiwiri.
>
> Chachinayi, choziziritsa cha kumanzere chafa. Chipinda chikufika madigiri 29 cha m'ma 14:00. Chikapitirira 35, zimitsani maseva oyesera poyamba, kenako a malipoti, `db-tete1` ikhale yomaliza. Mabatire anakhala mphindi 11 Lachinayi. Jenereta ndi yoliza pamanja, kiyi ali ndi alonda, dizilo watsala malita 60.
>
> Bakapu ya usiku inatha 02:50 ndipo ili pa makina a bakapu. `HighLatency` ya Zobwe imalira mvula ikamagwa n'kusiya yokha, koma ikapitirira mphindi 30 muyang'ane. Foni yanga ikhala yoyaka mpaka 21:00 lero, kenako mawa kuyambira 07:00.

Taonani kuti alamu ya Zobwe yapatsidwa malire a nthawi. Kulemba kuti "iyi musailabadire" n'koopsa, chifukwa tsiku limene idzalire zenizeni mnzanu adzaitseka osayang'ana. Ngati alamu ikungolira pachabe sabata ndi sabata, tsegulani tikiti yoti ikonzedwe, isamangoyenda m'makalata.

Kambiranani pakamwa, wolandirayo akhale woyendetsa

Kutumiza kalata si kusiya piketi. Khalani pamodzi mphindi 15, kapena imbiranani foni ngati mnzanu ali ku Moatize inu muli kutsidya kuno kwa mtsinje. Iye ndiye awerenge kalatayo mokweza, ndipo alembe yekha malamulo oyang'anira aja pa laputopu yake inu mukuona. Apa ndi pamene zimadziwika kuti alibe chilolezo cholowera mu `db-tete1`, kapena kuti kiyi wake wolowera patali anatha ntchito, ndipo ndi bwino zidziwike 16:00 Lachisanu anthu onse akadali pa ntchito.

Kwa inu amene mukulandira, safunsa anadya phula. Funsani kuti ndi chiyani chimene akanayamba kuyang'ana akanakhala kuti akupitiriza yekha, ndi chiyani chimene anachikhudza koma sanachilembe poganiza kuti n'chaching'ono, ndiponso ngati pali munthu amene analonjezedwa yankho. Kawirikawiri pamatuluka chinthu chimodzi, monga woyang'anira nthambi amene akudikira foni Loweruka m'mawa. Chimenecho chilowe m'kalata nthawi yomweyo.

Pomaliza sinthani nambala imene ma alamu amaimbira, kenako muyese:

```
amtool alert add alertname=HandoverTest severity=critical
```

Zizindikiro za pa alamu yoyeserayi zifanane ndi zimene njira yanu yoimbira foni imayang'ana, apo ayi ipita kwina. Dikirani mpaka foni ya mnzanu italira m'manja mwake. Ikalira, iye alembe pansi pa kalata kuti walandira ndi nthawi yake, ndipo kalatayo isungidwe pamalo amene angaitsegule ngakhale chipinda cha maseva chitazima, monga pa foni yake ndi papepala lopachikidwa kuseri kwa chitseko. Ikapanda kulira pakatha mphindi zisanu, piketi ikadali yanu mpaka mutapeza chifukwa.